Mtengo wa ntchito ya manja: tiwerengere zolowa kapena tiyang'ane phindu la kasitomala?

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike)

WOULUTSA: Yakwananso nthawi ya pulogalamu yathu ya mabizinesi ang'onoang'ono. Lero tikamba za anthu amene sagulitsa katundu wa pa shelefu koma ntchito ya manja awo: atelala, ometa, oluka tsitsi, okonza mafoni, owotcherera zitsulo. Wogulitsa sopo amadziwa kuti wapikula pa mtengo wakuti, ndiye amaikapo kangachepe n'kugulitsa. Nanga wogulitsa luso amayambira pati potchula mtengo? Muno mu situdiyo ndili ndi mayi amene amalangiza anthu a mabizinesi ang'onoang'ono, komanso bambo amene amasoka zovala pa Lunzu. Mayi ndi bambo, takulandirani.

MAYI MLANGIZI: Zikomo kwambiri, achimwene.

BAMBO TELALA: Zikomo, tathokoza potiitana.

WOULUTSA: Tiyambe ndi inu, bambo. Munthu wabwera ndi chitenje chake akuti mundisokere diresi. Mtengo mumautenga kuti?

BAMBO TELALA: Si nkhani yovuta ayi. Ndimawerengera laining'i, zipi, ulusi, mabatani ngati alipo. Tinene kuti zonsezo zakwana K6,000. Pamenepo ndimaikapo za manja anga, poyang'ananso mmene anzanga akutchulira pa khonde lomwelo. Tikanenerera, timakumana pakati.

MAYI MLANGIZI: Bambo atchula kale njira yoyamba mwa njira ziwiri zimene tikambe lero, ngakhale aitchula mwatheka. Njira imeneyi ndi yowerengera zonse zimene zalowa pa ntchito, kenaka n'kuikapo phindu pamwamba. Yachiwiri siyambira m'kope la telala. Imayambira kwa kasitomala, pofunsa kuti ntchito imeneyi kwa iyeyu ndi yofunika motani, ndipo akanapanda kubwera kwa ine akanalipira zingati kwina. Koma tisathamangire yachiwiriyi. Munthu amene sadziwa zolowa zake sangaigwiritse ntchito, chifukwa sadziwa kuti kuluza kumayambira pati.

WOULUTSA: Mwati aitchula mwatheka. Chatsala n'chiyani?

MAYI MLANGIZI: Zatsala zimene sizioneka pa diresi. Bambo, tiwerengere limodzi, ndipo omvera adziwe kuti tigwiritsa ntchito ziwerengero zozungulira kuti masamu asavute. Aliyense aike zake, popeza mitengo imasiyana malo ndi malo komanso mwezi ndi mwezi. Malo osokerapo mumalipira?

BAMBO TELALA: Lendi ilipo. Tiike K40,000 pa mwezi. Magetsi a ovaloko ndi ayironi, tiike K15,000. Ndiye pali tinthu tina: mafuta a makina, singano zothoka, chiphaso, mayunitsi oimbira makasitomala. Zimenezo mwina K15,000.

MAYI MLANGIZI: Zakwana K70,000. Nanga makinawo?

BAMBO TELALA: Makina ndi anga, ndinagula kalekale. Palibe amene ndimamulipira.

MAYI MLANGIZI: Koma akutha, bambo, ndipo tsiku lina adzafuna olowa m'malo. Ngati kugula makina ndi ovaloko lero kungafune K600,000, ndipo mukuyembekeza kuti zikutumikirani zaka zisanu, imeneyo ndi miyezi 60. Gawani, mupeza K10,000 mwezi uliwonse. Ndalama imeneyi iyenera kuchokera kwa makasitomala pang'onopang'ono, apo ayi makina akadzafa mudzathamangira ku banki m'khonde kapena kwa akatapila. Tsopano tili pa K80,000. Chatsala chachikulu, chimene ambiri amachiiwala: malipiro anu.

BAMBO TELALA: Malipiro anga si phindu lomwelo?

MAYI MLANGIZI: Iyayi, ndipo apa m'pamene ambiri amadzinamiza. Mukanalemba telala wina kuti azikusokerani, mukanamulipira kaye musananene kuti mwapindula. Tsono popeza wosokayo ndinu nomwe, malipiro anu alowe m'gulu la zolowa. Phindu ndi chimene chimatsala bizinesi italipira aliyense, kuphatikizapo mwini wake. Malipiro ndi odyera kunyumba, phindu ndi lokuzira mpamba. Tiike malipiro anu pa K200,000 pa mwezi. Zonse pamodzi, K280,000. Imeneyi ndiye ndalama imene khonde lanu limadya mwezi uliwonse, musoke musasoke.

WOULUTSA: Nanga K280,000 imeneyi tiigawa bwanji pa diresi limodzi?

MAYI MLANGIZI: Tiigawa ndi maola. Koma osati maola onse amene bambo amakhala pa malo awo. Ngati amatsegula masiku 24 pa mwezi, maola 8 pa tsiku, ndiye kuti maola ndi 192. Kodi onsewo makina amakhala akulira, bambo?

BAMBO TELALA: Ha, zosatheka. Pali tsiku lopita ku Limbe kukagula laining'i ndi mazipi. Pali nthawi yokambirana ndi munthu amene mapeto ake sasiya n'komwe nsalu. Magetsi akathima, ovaloko imaima. Pali maliro, pali kudwala.

MAYI MLANGIZI: Ndiye tinene kuti maola ogwira ntchito yolipidwa ndi 140. Gawani K280,000 ndi 140, mupeza K2,000. Ola lililonse la bambo limadya K2,000. Chiwerengero chimenechi telala aliyense, wometa aliyense, wokonza mafoni aliyense ayenera kuchidziwa pamtima. Diresi wamba lija limatenga maola angati, kuyambira kuyeza, kudula, kusoka mpaka kusita?

BAMBO TELALA: Maola asanu.

MAYI MLANGIZI: Maola asanu ndi K10,000. Tiphatikize ndi K6,000 ya laining'i, zipi ndi ulusi ija. Diresi lakudyerani K16,000. Pamwamba pake tiikepo phindu la 25 peresenti, imene ndi K4,000. Mtengo watuluka K20,000. Njira yoyamba yathera pamenepo.

WOULUTSA: Ikumveka yachilungamo ndithu.

MAYI MLANGIZI: Ndi yachilungamo, ndi yosavuta kuifotokoza, ndipo imateteza munthu kuti asagwire ntchito yaulere. Koma pali msampha umodzi pa nthawi yonenerera. Bambo aikapo 25 peresenti pa K16,000. Kasitomala akanena kuti ndichotsereni 25 peresenti, bambo angaganize kuti angobwerera pa ndalama imene analowetsa. Sichoncho. Kasitomala akuchotsa pa K20,000, ndipo 25 peresenti ya K20,000 ndi K5,000. Atsala ndi K15,000 pa diresi limene ladya K16,000. Aluza K1,000 kwinaku akumwetulira. Ngakhale kuchotsa K2,000 yokha, imene imaoneka yochepa, kwadya theka la phindu lonse.

BAMBO TELALA: Apo ndamva. Koma mayi, ngati njira imeneyi ikundipatsa malipiro ndi phindu, ndifunirenji ina?

MAYI MLANGIZI: Ndikufunseni. Mutagula makina a magetsi othamanga aja, diresi lomwelo mungalimalize m'maola angati?

BAMBO TELALA: Atatu, mwina atatu ndi theka. Ndipo msoko wake umakhala wosalala kuposa wa makina opalasa.

MAYI MLANGIZI: Mwaonatu. Maola atsika, ndiye kope lanu likuuzani kuti mtengo utsikenso, pomwe kasitomala walandira diresi labwino kuposa kale, mwamsanganso. N'zoona kuti makina atsopanowo akweza pang'ono mtengo wa ola lanu, koma sakweza mofika pobwezera maola awiri amene achoka. Phindu lonse la makina anu, ndi la zaka zimene mwakhala mukuphunzira kudula, mwalipereka kwa kasitomala. Njira imeneyi imalanga munthu waluso ndi wachangu, n'kulipira bwino wochedwa.

Vuto lachiwiri limabwera miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, anthu ndalama zawo zitathera ku feteleza ndi chimanga. Tinene kuti ntchito yachepa, maola olipidwa atsika kufika pa 70. Lendi sinatsike. Gawaninso K280,000 ndi 70, ola lafika pa K4,000. Diresi lija tsopano ladya K26,000, ndipo mukaikapo phindu mtengo ndi K32,500. Masamu akukuuzani kuti mukweze mtengo pa nthawi imene anthu alibe ndalama. Mukatero makasitomala achepanso, ndipo masamu akuuzaninso kuti mukweze. Mankhwala ake ndi kuwerengera maola a chaka chonse, miyezi yotentha malonda ndi yozizira pamodzi, n'kupeza chiwerengero chimodzi chapakati.

WOULUTSA: Nanga mitengo ya zipangizo ikamakwera tsiku ndi tsiku?

MAYI MLANGIZI: Werengerani mtengo wogulira china lero, osati umene munagulira chimene chili m'kabati. Ambiri akukumbukira Novembala 2023, pomwe Banki Yaikulu ya dziko lino inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pa K1,700. Ulusi, mazipi ndi laining'i zambiri zimachokera kunja. Telala amene anali ndi katundu wakale n'kumawerengerabe mtengo wakale ankaoneka ngati akupindula, koma pobwerera kokagula anapeza kuti ndalama yake sikukwananso mpukutu womwe uja.

(Kanyimbo kakafupi)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za katchulidwe ka mtengo pa ntchito za manja, ndipo chitsanzo chathu ndi cha telala. Mayi, tiloweni tsopano mu njira yachiwiri ija.

MAYI MLANGIZI: Tiyerekeze kuti kwabwera mtsikana amene chinkhoswe chake chili Loweruka la sabata yamawa. Akufuna diresi la chitenje losokedwa mwaluso, lokhala bwino m'thupi, la sitayelo imene waiona pa foni. Bambo, ntchito yotere ingakutengereni maola angati?

BAMBO TELALA: Imeneyo ndi ya maola asanu ndi atatu, chifukwa pamafunika kumuyeza kawiri. Zipangizo zake n'zambirinso, tiike K10,000.

MAYI MLANGIZI: Maola 8 ndi K16,000, kuphatikiza K10,000, zolowa zakwana K26,000. Njira yoyamba ikuti onjezani K6,500, mtengo ukhale K32,500. Chisungeni chiwerengero chimenecho. Tsopano tiime mbali ya mtsikanayo. Funso loyamba ndi lakuti: bambowa akanapanda kukhalapo, iye akanapita kuti? Tinene kuti telala wina amene angathe sitayelo imeneyi ali m'tauni ku Blantyre, ndipo amatchula K45,000. Kuti akasoketse kumeneko ayenera kupita katatu: kukasiya nsalu, kukayesa, kukatenga. Ulendo uliwonse, kupita ndi kubwera, tiuike pa K4,000. Imeneyo ndi K12,000. Choncho njira yake ina imudyera K57,000, osawerengera masiku amene ajomba ku ntchito kapena kusiya geni yake.

BAMBO TELALA: Ndiye nditchule K57,000?

MAYI MLANGIZI: Ayi, bambo. K57,000 ndi pamene mtsikanayo sangaonenso chifukwa chosokera kwa inu. Ndipo tiyenera kuchotsapo zina mwachilungamo. Telala wa m'tauni uja ali ndi dzina, ali ndi zithunzi za akwati ambiri amene anawasokera, ali ndi chipinda choyesera chokhala ndi galasi lalikulu. Ngati inu mulibe zimenezo, mtsikanayo akuika mtima wake pa chiswe pobwera kwa inu, ndipo chimenecho chimatsitsa ndalama imene angalole kulipira. Tichotsepo K10,000, tifike pa K47,000. Ndiye tili ndi malire awiri. Kumunsi kuli K26,000, imene mukatsika kupyola pamenepo mwaluza. Kumtunda kuli K47,000, imene mukaidutsa kasitomala akwera minibasi. Mtengo wanu uli pakati pamenepa, ndipo kusankha kwake ndi kwanu. Mutatchula K42,000, mtsikanayo wapulumutsa K15,000 poyerekeza ndi kupita m'tauni, inu mwapindula K16,000 m'malo mwa K6,500. Ntchito ndi yomweyo, maola ndi omwewo, ndipo onse awiri mwatuluka okondwa.

WOULUTSA: Pamenepa ndiye pali kusiyana kwakukulu. Bwanji osangochita choncho pa chovala chilichonse?

MAYI MLANGIZI: Chifukwa zonsezi zatsamira pa mfundo imodzi: kuti telala wina wodziwa ntchito imeneyi ali kutali ndipo ndi wodula. Ngati mnzawo wa pa khonde lomwelo angasoke diresi lomwelo bwinobwino pa K30,000, masamu onse aja agwa. Malire a kumtunda sakhalanso K47,000, akhala pafupi ndi K30,000. Munthu sangodzuka n'kunena kuti ntchito yanga ndi yapamwamba, ndiye ndikweza. Kasitomala ndi amene amaweruza, ndipo amaweruza poyerekeza ndi kwina kumene angapite. Ngati palibe chimene mukuchita chosiyana ndi anzanu, njira yachiwiriyi sikupatsani kanthu.

BAMBO TELALA: Ngati yunifolomu ya sukulu. Imeneyo aliyense amasoka, ndipo mtengo wake makolo amaudziwa asanafike n'komwe. Ukawonjeza K500 amangodutsa.

MAYI MLANGIZI: Chitsanzo chabwino. Tiike kuti mtengo wa pa msika ndi K7,000. Inu imakutengerani maola awiri ndi theka, imene ndi K5,000, kuphatikiza ulusi ndi mabatani a K1,500. Yadya K6,500. Kope likuti tchulani K8,125, msika ukuti K7,000. Wopambana ndi msika. Apa ntchito ya kope si kukupatsani mtengo, koma kukuuzani ngati ntchitoyo ili yoyenera kuigwira. Mungathe kuchepetsa maola podula mayunifolomu khumi nthawi imodzi m'malo modula imodziimodzi. Akatsika kufika pa maola awiri, yadya K5,500, ndipo phindu lakwera kuchoka pa K500 kufika pa K1,500. Komanso yang'anani nyengo. Mwezi umene makina angokhala, yunifolomu ya K7,000 ilandireni ndi manja awiri, chifukwa mukachotsa K1,500 ya zipangizo, yotsalayo ikuthandiza kulipira lendi. Koma sabata imene anthu akuthamangitsa zovala za Tsiku la Anakubala pa 15 Okotobala, kapena nyengo ya maukwati, maola amene mwaika pa yunifolomu mwawalanda ku diresi lopindulitsa.

WOULUTSA: Ine ndiyankhulireko omvera, chifukwa ambiri mwa iwo ndi makasitomala. Kodi zimenezi sizikufanana ndi zija zotchula mtengo poyang'ana nkhope? Munthu watsika m'galimoto, mtengo wakwera. Wabwera wapansi, mtengo watsika.

MAYI MLANGIZI: Funso limenelo ndi lofunika kuliyankha mosabisa, chifukwa ena amachitadi zimenezo n'kumati ndi nzeru za bizinesi. Kwa ine, kutchula mtengo poyang'ana nsapato za munthu ndi kudzikumbira dzenje. Pa malo ngati Lunzu anthu amadziwana. Amayi awiri akakumana ku tchalitchi atavala sitayelo imodzi, wina n'kumva kuti mnzake analipira theka, mwataya onse awiri pamodzi ndi abale awo. Mtengo usiyane chifukwa ntchito yasiyana, osati chifukwa munthu wasiyana. Ndipo kusiyanako kuzioneka ndi maso, kolembedwa pa chikwangwani. Mwachitsanzo: diresi lotenga pakatha masabata awiri, mtengo wakuti. Lofunika m'masiku atatu, mtengo wakuti. Loyesa kawiri, ndi kulibweza mwaulere ngati silinakhale bwino, mtengo wakuti. Aliyense, wa galimoto ndi wapansi yemwe, asankhe yekha. Wofulumira adzionetsa yekha posankha mtengo wa changu, inu osamufufuza m'thumba.

BAMBO TELALA: Koma wachangu uja amandigonetsa pa makina usiku, ndipo ntchito za ena zimaima.

MAYI MLANGIZI: N'chifukwa chake mtengo wa changu suvuta kuuteteza. Mbali ina ndi zolowa zenizeni, tulo tanu ndi kudikiritsa ena, mbali ina ndi phindu limene mwini wake akupeza povala pa tsiku lake. Koma pali malire amene sindingalangize munthu kuwadumpha. Wina akabwera ali pa mavuto, kwagwa maliro ndipo akufuna chovala mawa m'mawa, masamu angakuuzeni kuti alipira chilichonse. Musatero. Kumeneko si kuyang'ana phindu la kasitomala, ndi kudyera masuku pamutu munthu wosowa kolowera. Dziwaninso kuti m'dziko muno muli bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC, kumene ogula amakadandaula. Malamulo amene bungweli limayang'anira amaletsanso anthu a bizinesi imodzi kupangana mtengo. Tsono musati mukachoka pano mukasonkhanitse atelala onse a pa msika kuti kuyambira mawa diresi ndi mwakuti. Aliyense awerengere zake.

WOULUTSA: Telala adziwa bwanji kumene kasitomala akanapita ndi zimene akanalipira? Munthu sanganene zimenezo poyera, podziwa kuti mtengo ukwera.

MAYI MLANGIZI: Zambiri zimatuluka pocheza, tepi ili m'khosi, mtengo usanatchulidwe. Funsani kuti chovalachi mukavala kuti, ndipo mukuchifuna liti. Funsani kuti kale munkasoketsa kuti, ndipo chinakukhumudwitsani kumeneko n'chiyani. Funso lomalizali ndi limene limatsegula zambiri. Bambo, anthu amayankha chiyani?

BAMBO TELALA: Ambiri sadandaula za mtengo ayi. Amati telala uja anandiuza kuti ndibwere Lachisanu, nditafika nsalu anali asanaidule n'komwe. Ena amati anandionongera nsalu yodula. Mbiri yathu atelala pa nkhani ya masiku mukuidziwa nokha.

WOULUTSA: (akuseka) Mwanena nokha, bambo, ife sitinanene.

MAYI MLANGIZI: Koma m'mawu amenewo muli ndalama. Ngati chimene anthu amaopa ndi kunamizidwa tsiku, ndiye kuti telala wosunga tsiku akugulitsa chinthu chosowa, ndipo chosowa chimakhala ndi mtengo wake. Pa diresi la chinkhoswe, mtsikana uja sakugula msoko wokha. Akugula kugona tulo Lachisanu usiku, podziwa kuti chovala chapachikidwa kale m'nyumba. Tsono mtengo wokwerawo umabwera ndi ngongole yake. Mukatchula K42,000, lembani pa lisiti tsiku loyesa ndi tsiku lotenga, ndipo tsiku lotengalo likhale Lachitatu, osati Loweruka m'mawa. Lembaninso kuti mukachedwa mubweza ndalama yakuti. Telala amene sangayerekeze kulemba zimenezo asatchule mtengo umenewu, akhale pa K32,500 mpaka atakonza kagwiridwe kake ka ntchito. Za mitengo ya atelala ena, musadalire mphekesera. Mukapita ku Limbe kokagula zipangizo, lowani m'mashopu awiri atatu, mufunse mtengo wa sitayelo zimene inu mumasoka, muonenso msoko wawo.

BAMBO TELALA: Mantha anga ndi akuti ndikakweza, anthu anga akale athawa. Ena ndawasokera kuyambira ali ana.

MAYI MLANGIZI: Musakweze zonse tsiku limodzi. Kupinda thalauzi, kuika zipi, kubweza chovala cha pa kaunjika, yunifolomu, zimenezo zisiyeni pa mtengo wa msika malinga ngati sizikutsika pansi pa zolowa. Yambani ndi mtundu umodzi wa ntchito umene mukudziwa kuti anthu amachoka kutali kudzakufunani. Kenaka lembani m'kope munthu aliyense wofunsa mtengo wa ntchito imeneyo, ndi kuchonga ngati wasiya nsalu kapena wapita. Pakatha miyezi iwiri kope likuuzani zoona.

Ndipo ena akathawa, werengerani musanadandaule. Pa K32,500 phindu linali K6,500. Madiresi khumi ndi K65,000. Pa K42,000 phindu ndi K16,000. Ngakhale anthu asanu mwa khumi atabwerera pa khomo, asanu otsalawo akupatsani K80,000, ndipo mwatsala ndi maola 40 ogwira ntchito zina. Koma mawu akuti ntchito zina ndi ofunika: maola amenewo akangokhala opanda kanthu, lendi ndi malipiro anu a maola amenewo palibe wolipira, ndipo kupindula kuja kwasanduka kuluza. N'chifukwa chake nthawi yabwino yoyesa mtengo watsopano ndi pamene ntchito yakuchulukirani, osati mu Febuluwale.

WOULUTSA: Pali zizindikiro zimene munthu angaonere kuti mtengo wake ndi wotsika kwambiri, asanayambe n'komwe masamu onsewa?

MAYI MLANGIZI: Zilipo. Mukatchula mtengo munthu n'kupisa m'thumba nthawi yomweyo osanenerera, kamodzi si kanthu, koma zikamachitika tsiku ndi tsiku mtengo wanu watsika. Nsalu zikaunjikana mpaka mukuuza anthu kuti abwere pakatha masabata atatu, koma pofuna kugula ulusi mukukongola, pamenepo vuto si kusowa makasitomala. Ndipo atelala anzanu akamakubweretserani ntchito zovuta kuti muwadulire, iwo n'kukalipiritsa eni ake mtengo wokwera, dziwani kuti msika ukulipira kale luso lanu, kungoti ndalamayo ikulowa m'thumba la wina. Mbali inayi, ngati ofunsa ndi ambiri koma osiya nsalu ndi mmodzimmodzi, ndipo mukuona sitayelo zanu zikusokedwa khonde loyandikana nalo, mwadutsa malire a kumtunda aja, kapena anthu sakuona chimene mukusiyana nacho ndi anzanu.

WOULUTSA: Bambo, mwamva mbali zonse ziwiri. Muima pati?

BAMBO TELALA: Pa yunifolomu ndi zigamba sindisuntha, pamenepo msika ndiye bwana. Pa zovala za chinkhoswe ndi ukwati ndiyesa, chifukwa anthu amachokadi ku Lirangwe ndi ku Chileka kudzandifuna. Koma chikole ndizitenga theka poyamba. Mtengo wokongola umene munthu sanalipire sugula ufa.

MAYI MLANGIZI: Tengani ndithu, ndipo chikolecho chisachepere mtengo wa zipangizo zonse, kuti munthu akapanda kubwera musaluze ndalama ya m'thumba mwanu. Kwa ometa, oluka tsitsi ndi okonza mafoni amene akutimvera, masamu ndi omwewa. Kumeta wamba kuli ngati yunifolomu, kuluka tsitsi la mkwatibwi kunyumba kwake m'mamawa kuli ngati diresi la chinkhoswe.

WOULUTSA: Nthawi yatithera. Inu omvera amene mumadya za manja anu, tikupempheni kuti sabata ino mutenge kope, mulembe zonse zimene malo anu amadya pa mwezi pamodzi ndi malipiro anu, mugawe ndi maola amene mumagwiradi ntchito yolipidwa, kuti mudziwe mtengo wa ola lanu. Pamene masamu akuvutani, tilembereni kapena tiimbireni foni, tidzayankha mu pulogalamu ya sabata yamawa pa nthawi ngati yomweyi.

(Nyimbo yotsekera)